Dzina la Apongozi Pakhoma la Bekari

Dzina la apongozi anga aamuna sindilitchula, ndipo pano sindililemba. Mkazi wokwatiwa pabanja saitana bambo a mwamuna wake ngati akuitana mnzake wa kuchitsime. Chovuta chinali chakuti dzinalo linali pakhoma la bekari yathu ku Nyimba, m'zilembo zabuluu zazitali ngati mwana woyamba sukulu, moyang'anana ndi msewu waukulu, ndipo wogulitsa pakauntala ndinali ine. Foni ikalira ndinkangoti, "Kuno ndi kwa adala a buledi." Anthu ankamva, ena n'kumandiseka kuti ndikugulitsa katundu yemwe sindingathe kumutchula.

Apongoziwo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anawoloka malire wapansi, akazi awo atabereka khanda kumbuyo, ndipo khandalo ndi lomwe linadzakhala mwamuna wanga. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo anakana chifukwa akazi awo anali atagona kale m'dothi la kuno. Anasamukira ku Nyimba, n'kumanga uvuni wa njerwa kuseri kwa kanyumba, nayamba kuphika buledi wa kwawo: wamfupi, wa khungu lolimba, wong'ambidwa pamsana ndi lumo asanalowe pamoto. Dzina lawo ndi lachipwitikizi, losavuta kulizindikira kuti si la kuno, ndipo ndi lomwenso mwamuna wanga amalembedwa nalo. Analilembetsa pakhoma kalekale, ndipo penti yake inali itasuluka mpaka chilembo chomaliza chinkaoneka pokhapokha mvula ikanyowetsa khoma.

Pamene ndinkakwatiwa malonda ankayenda. Njinga zinkanyamuka m'mawa ndi mabokosi kupita m'tuntemba ta ku Ndake ndi kwina, n'kubwera zopanda kanthu. Kenako magalimoto a ku Lusaka anayamba kutsitsa buledi wodulidula m'mapepala owala, wofewa ngati thonje, woti ukamufinya amatsala kadzanja kamodzi. Njinga zathu zinayamba kubwera ndi wotsala. Nkhumba za aneba zinanenepa chaka chimenecho, ife tikuwonda ndi maganizo.

Mwamuna wanga ndi munthu wofatsa, wosachedwa kuchita manyazi, ndipo akaganiza chinthu amachisunga m'mimba mpaka chitapsa. Tsiku lina tikudya anangoti bekari isinthe zonse: dzina latsopano lachingerezi, mitundu yatsopano, mapepala atsopano, kuti wodutsa pamsewu aziyesa kuti kwabwera kampani. Anati anthu a masiku ano akaona khoma lathu amaganiza za zinthu zakale. Ndinavomera ndi mutu, koma ndinkadziwa kuti nkhani si buledi yekha. Munthuyu anakula akutchedwa mwana wa othawa. Kusukulu aphunzitsi akaitana dzina lake kalasi yonse inkalibwereza mokokera, ndipo mpaka lero akalowa mu ofesi n'kutchula dzinalo amayamba watulutsa chitupa asanafunsidwe. Ndinkamumvera chisoni, ndipo ndimamumverabe.

Apongozi nthawi imeneyo ankadwala chifuwa ndi miyendo. Anali atasiya kuima pauvuni, ndipo kwa milungu ingapo sanaonekere kumsewu. Nkhaniyi sitinawauze.

Tinakwera minibasi kupita ku Petauke, kwa mayi wina amene ali ndi shopu yosindikiza. Ndi amene amapanga zikwangwani, timapepala tomata pamabotolo a chiponde ndi malaya a makwaya a m'mipingo. Mwamuna wanga anafotokoza, mayiyo akumvetsera uku akusenda mtedza m'mbale yomwe inali pafupi ndi kompyuta. Ine ndinkayembekezera kuti alumphira ntchitoyo, popeza yaikulu ndiyo ikanamudyetsa bwino. M'malo mwake anayamba kutiwerengera zomwe zimatsatira dzina likasintha. Dzina latsopano liyenera kukalembetsedwa, ndipo mwina ukapeza wina analitenga kale. Ziphaso za kukhonsolo, za malonda ndi za ukhondo, zisinthidwe. Dzina lomwe limatuluka pafoni munthu akamalipira lisinthidwenso. Mapepala apulasitiki osindikizidwa amapangidwa ku Lusaka, amayamba akupangira chidindo chako, ndipo sakugulitsa ochepa, umatenga mulu wodzaza chipinda. Pamwamba pa izo pali khoma, mabokosi a panjinga ndi malaya a ogulitsa.

"Koma vonse ivo ni vochepa, bambo," anatero. "Chodula maningi ni kuphunzitsa anthu kuti ndimwe amene muja. Mwezi na mwezi muzankhala mulondolola, ndipo ena sazabwela kuti muwalondololele."

Mwamuna wanga anafunsa ngati ndiye kuti palibe amene amasintha dzina. Mayiyo anati alipo, ndipo ena amachedwa nako kusinthako. Anatiuza za munthu wina amene anagula shopu ya mbewu ndi feteleza kwa mwini wake wakale, yemwe chaka china anagulitsa mbewu yosamera. Watsopanoyo anapenta bwino, kuika mashelefu, koma alimi ankangodutsa, chifukwa dzina linali lomwe lija linawagoneka ndi njala. Ameneyo mayiyo anamuuza kuti afufute zonse, asasiye ngakhale mtundu wa chitseko. Panalinso wina amene dzina la shopu yake linkanena za njinga pomwe iye anali atayamba kugulitsa zipangizo za magetsi a dzuwa, ndiye ofuna magetsi sankalowa. Wachitatu anapeza kuti dzina lomwe ankagwiritsa ntchito linalembetsedwa kale ndi kampani ina, ndipo analibe chochita.

"Manje imwe," anatero akuyang'ana mwamuna wanga, "dzina yanu inalakwila ndani? Yaleka kukamba vimene mugulitsa? Kapena pali wina akuti ni yake?"

Mwamuna wanga anayang'ana pansi. Ine pakamwa panandiyabwa, koma ndinadzigwira.

Mayiyo sanakane ntchito. Anati ngati tikufunadi atipangira, koma tiyambe tafunsa amene anasiya kugula chifukwa chomwe anasiyira, pakuti kusintha dzina pomwe vuto lili pena ndi kumwa mankhwala a mutu uli ndi chilonda kuphazi. Dzina likapezeka kuti ndi labwino, chofunika n'kungolisambitsa: zilembo zomwezo azikonze ziwerengeke patali, buluu yemweyo, timapepala tomata pamapepala wamba tomwe akanatisindikizira pang'onopang'ono komweko ku Petauke, ndi kachidindo ka tsiku lophikira. Zimenezo sizifuna kusintha chiphaso chilichonse.

Wofunsa ndinali ine, poti kuyankhula ndiye ntchito yomwe Mulungu anandipatsa mosaumira. Ndinakwera kumbuyo kwa njinga ya mmodzi wa otiperekera buledi, bambo wachikulire wa ku Ndake komweko, n'kuzungulira naye tuntemba. Fumbi ndinalidya, koma ndinamva zinthu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti dzina ndi lachilendo kapena lakale. Mayi wina anati buledi wathu amabwera m'pepala lopanda chilembo, ndiye wogula sadziwa ngati ndi wa lero kapena wa dzana, pomwe wa ku Lusaka ali ndi tsiku. Wina anadandaula kuti nthawi zina timamuika m'pepala akadali wotentha, n'kuchita thukuta, khungu lija n'kufewa, osachedwa kuchita nkhungu. Apo ndinachita manyazi chifukwa zinali zoona, tinkathamangira njinga. Koma chomwe chinandiimitsa mutu ndi cha bambo wina wa kantemba ka pafupi ndi pogulira thonje. Ananditulutsira buledi wotuwa, wolemera ngati njerwa, wong'ambidwa pamsana ngati wathu.

"Uyu si wanu?" anafunsa. "Amene abwelesa akamba kuti ni wa kwa adala."

Sanali wathu. Panali anthu awiri kapena atatu amene ankaphika kwawo n'kumagulitsa m'dzina la apongozi, ndipo poti mapepala onse anali ofanana, ogula ankati adala aja ayamba kuphika zoipa chifukwa cha ukalamba. Ndinapsa mtima mpaka ndinaiwala kutsanzika. Koma pobwerera panjinga ndinayamba kuseka ndekha, poganiza kuti palibe amene angavutike kuba dzina lopanda ntchito.

Ndinafika ndi nkhaniyi ngati ndatola ndalama pamsewu. Ndinamupeza mwamuna wanga kuseri akuwaza nkhuni za uvuni, dzuwa likupendeka, ndipo ndinamukhuthulira zonse: dzina ndi labwino, vuto ndi pepala, tsiku ndi akuba aja, ndipo mankhwala ake ndi otchipa aja ananena mayi wa ku Petauke. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaika nkhwangwa pansi.

"Akuti ni yabwino cifukwa sanainyamulepo," anatero. "Iwo amaidya cabe na tiyi. Ine naivala kucokela nili mwana, ndipo nalema nayo. Nifuna ana anga akapite pamsewu uyu popanda munthu kuwasonta kuti aja ni a kwa othawa."

Sanakuwe, koma mawu ake anali omveka. Tonse tinaiwala kuti zenera la chipinda cha apongozi limayang'ana komweko ndipo linali lotsegula. Ndinaona nsalu ya pazenera ikugwedezeka. Pa chakudya chamadzulo apongozi anadya pang'ono, kuthokoza monga mwa masiku onse, n'kukagona.

M'mawa mwake nditatuluka kukasesa kutsogolo, ndinapeza khoma layera. Dzina lonse linali litapakidwa laimu, wosiyidwa uja tinkapakira chimbudzi, ndipo pansi panali chidebe ndi burashi yomangiriridwa kunsungwi. Laimuyo anali wokhuthala pena, pena wochucha mpaka pansi, ntchito ya munthu wa manja onjenjemera. Apongozi anali atakhala pakhonde la kuseri, malaya ali mawangamawanga, akupuma movutikira. Posakhalitsa mwamuna wanga anabwera kudzaona.

"Khoma ni lako manje," apongozi anamuuza. "Lemba cimene ufuna. Ine sin'nakunyamule mtunda wonse uja kuti ukaleme na ine."

Sananene mokwiya, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri. Mwamuna wanga anawagwira mkono kuwalowetsa m'nyumba, n'kukhala nawo m'chipinda, chitseko chotseka. Uvuni sunayatsidwe, mtanda womwe tinakanda unafufuma mpaka kusefukira m'beseni, ndipo a njinga atabwera ndinangowauza kuti lero kulibe, adala sali bwino. Shopu sindinatsegule. Ndinakhala kuseri ndikulira pang'ono, osadziwa kuti ndikulirira uti mwa awiriwo.

Sindinaganizeko za momwe zinkaonekera kwa munthu woima kumsewu. Mkulu wodwala amene sanaoneke kwa milungu, chitseko chotseka tsiku la ntchito, utsi wosatuluka, dzina lofufutidwa, ndi a njinga akubwerera opanda kanthu akuti adala sali bwino. Ku Nyimba nkhani siyenda wapansi. Inakwera minibasi, ndipo pofika pamsika inali itamaliza yokha chiganizo chomwe ine sindinanene.

Dzuwa litakwera ndinamva kulira kuchokera kumsewu. Ndinayesa kuti kwachitika ngozi. Potuluka ndinakumana ndi amayi ogulitsa nthochi pa siteshoni ya basi akulowa pampanda, zitenje m'chiuno, manja kumutu, akulira maliro enieni otchula dzina. Kumbuyo kwawo kunali amayi a kumpingo, wina atasenza kathumba ka ufa, wina mtolo wa nkhuni. Amuna anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango mwakachetechete monga amachitira, zipewa m'manja. Ndinayesa kuyankhula koma mayi wina anandikumbatira n'kundikhazika pansi, akuti limbani mtima. Anthu ankangobwerabe, ena panjinga kuchokera kumidzi, mpaka bambo uja wa kantemba ka pafupi ndi pogulira thonje ndinamuona akutsika ndi nkhuku.

Chitseko cha nyumba chinatseguka, apongozi n'kutuluka ndi ndodo yawo, mwamuna wanga ali pambuyo. Anaima pakhonde akuphethira ndi kuwala.

"Wamwalila ndani?" anafunsa.

Mayi wina anakuwa n'kuthawira kumsewu, nsapato imodzi kutsala. Kulira kunaduka pakati ngati wazimitsa wailesi. Kenako wina pansi pa mango anayamba kuseka, ndipo bwalo lonse linagwa nacho chiseko, ena akupukuta misozi ya maliro ndi ya chiseko nthawi imodzi. Apongozi anawakhazika pampando, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja, ena kuwatsina pang'ono kuti atsimikize. Iwo ankangoyang'ana ufa, nkhuni ndi nkhuku ija.

Amene sanaseke ndi mayi wina wamasiye wachinsenga, wamkulu wa ogulitsa nthochi, munthu woti akayankhula ngakhale makondakitala amakhala chete. Anatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Lomba imwe, dzina ya munthu wamoyo mufutilenji? Mwatidula mitima. Ise tadyela pa dzina iyi, ana athu akulila pa buledi uyu. Pamene anafwa alume ŵangu, aŵa anasonkha uvuni kuphikila anthu a pamalilo, osapempha kanthu. Aŵa ni athu, ndipo tizaŵasunga m'manda ise ŵene tsiku ikakwana. Osati lelo."

Mwamuna wanga anayang'ana anthu aja, omwe ena mwa iwo anaphunzira nawo kalasi imodzi, ana omwe aja ankakokera dzina lake, tsopano ali ndi imvi zoyamba ndipo abwera ndi nkhuni. Anazungulira kuseri, n'kubwera ndi chidebe cha madzi ndi chiguduli, nakwera pa tebulo lomwe timayalapo buledi. Laimu sagwira bwino pa penti ya mafuta, ndiye atanyowetsa n'kupukuta, buluu uja anayamba kuonekera. Apongozi anamuitana kuti asiye, asachite chifukwa cha manyazi a anthu. Iye anapitiriza, msana uli kwa ife, ndipo ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Amuna awiri anadzuka kukamugwirira tebulo. Nkhuku ija tinaphika tsiku lomwelo, poti mwini wake anakana kubwerera nayo.

Sabata yotsatira tinabwerera ku Petauke kukapanga zija zotchipa. Mayi wosindikiza anajambula zilembo zakale pafoni n'kuzikonza pakompyuta, kuziwongola ndi kuzinenepetsa pang'ono, koma munthu woziona n'kudziwabe kuti ndi zomwe zija. Buluu anasankha wofanana ndi wakale asanasuluke. Pakapepala komata anaikapo dzina, chithunzi cha buledi wong'ambika pamsana, zomwe timaikamo, nambala ya foni ndi malo a chidindo cha tsiku. Tinamanga mashelefu oziziritsira kuti buledi asalowenso m'pepala ali wotentha, ndipo ine ndinazunguliranso tuntemba kuwauza kuti wopanda kapepala si wathu. Sindinganame kuti onse anabwerera. Alipo amene anazolowera wofewa uja, ndipo ana a sukulu amakonda wodulidula. Koma njinga zinayambanso kubwera zopepuka, ndipo nkhumba za aneba zinabwerera pa gaga.

Sindinganenenso kuti chilonda cha mwamuna wanga chinapola tsiku limodzi lija. Pali masiku amabwera kuchokera ku maofesi ali duu, ndipo ndimadziwa kuti wina wamufunsanso kuti kwenikweni kwawo ndi kuti. Zimenezo penti sangazichotse, yatsopano kapena yakale, ndipo ndikuganiza kuti iye anazindikira zimenezi ali pa tebulo paja.

Apongozi anakhala nafe mpaka mvula ya chaka chotsatira. Atamwalira, anthu omwe aja anabweranso, ulendo uno popanda woseka. Maliro atatha tinatsegula shopu, ndipo m'mawa wina ndili pakauntala kunaima galimoto ya munthu wachilendo, wa paulendo wopita ku Chipata. Anawerenga khoma, n'kulowa, nafunsa ngati mwini dzinalo alipo, chifukwa anamva kuti buledi wake ndi wabwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti adala anatisiya. Mwamuna wanga anali akulowa ndi thireyi yotentha kuchokera kuuvuni, ufa uli m'tsitsi. Anaika thireyiyo pansi, kupukuta manja pa epuloni, n'kupereka dzanja kwa mlendoyo.

"Ndine," anatero.